Musanakalembetse mayeso aja, awerengeni kaye malikisi

Teremu yatha mphunzitsi wina wa za ulimi ku Fomu 1 anandibweretsera pepala lake kuti ndiliunike, mafunso 20, malikisi 50, lolembedwa bwino ndithu moti kungoliwerenga simungaone vuto. Koma ine pepala sindiliwerenga lokha ayi, ndimaika silabasi pambali, makamaka zija timati zizindikiro za kakhonzedwe, zonena zomwe mwana akuyenera kutha kuchita akamaliza mutu.

Ndimajambula tebulo papepala wamba. Kumanzere zolinga zonse za teremuyo, kenako mapiriyodi omwe chilichonse chinadya, ndiye funso lililonse ndimalemba nambala yake ndi malikisi ake pamzere wa cholinga chomwe likuyesa. Basitu.

Iwowa anaphunzitsa za dothi mapiriyodi 20, ndiye kuti piriyodi imodzi ikuyenera malikisi awiri ndi theka. Kutchula mitundu ya dothi kunatenga mapiriyodi 2 okha, malikisi ake ndi 5, koma titawonkhetsa tinapeza mafunso 7 a malikisi 18, onse akungozungulira pa mchenga ndi makande, lina lafunsa chakumaso lina chakumbuyo koma chinthu chake chimodzimodzi. Kuteteza nthaka kuti isakokoloke, komwe anathera mapiriyodi 6 mpaka kukaonetsa ana akalozera ndi udzu wa vetiva kudimba la sukulu, kunayenera malikisi 15. Kunapeza 2. Mzere wa kuyesa dothi pothira madzi m'botolo unali mbee, opanda funso olo limodzi.

Sikuti ndi ulesi, mafunso otchula zinthu ngosavuta kupeka komanso kuchonga, dzanja limathamangira komweko lokha. Koma mwana woloweza mitundu ya dothi usiku umodzi akanaposa mnzake yemwe anamvetsa chifukwa chake mizere imadula phiri chopingasa, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Pomwe ambiri amapusitsika ndi pa mneni. Cholinga chikati mwana afotokoze mmene madzi amakokololera nthaka, funso loti "tchulani zinthu ziwiri zokokolola nthaka" silinayese chimenecho ngakhale mutu ndi womwewo, wayankha kuti madzi ndi mphepo watenga malikisi osafotokoza kanthu. Funso lotero osaliika pamzerewo, apo bii tebulo lioneka lodzadza pamene mpata ulipobe.

Onaninso mafunso oululirana mayankho. Apa funso 11 linayamba ndi kunena kuti makande amasunga madzi, lomwe linali yankho la funso 4.

Tinachotsa mafunso asanu a mitundu ya dothi, malikisi 13 anamasuka. Asanu ndi atatu tinapereka ku funso la munda wotsetsereka womwe wayamba zigwembe kuti mwana anene achitapo chiyani ndipo chifukwa chiyani, asanu otsalawo ku chithunzi cha botolo lija kuti afotokoze chifukwa chake mchenga wakhazikika pansi msanga. Kuteteza nthaka kunafika pa 10, osati 15, ndinavomera choncho poti kuti tifike pa 15 tikanabowola mzere wina.