Babu losazima: rileyi kapena SSR?

Mnyamata wina yemwe ndimamuphunzitsa ntchito anabwera tsiku lina atanyamula kabokosi kapulasitiki, nkhope ili gwa. Anali atalumikiza Arduino, kompyuta yaing'ono ya pa kabodi kamodzi, kuti iziyatsa babu la pakhonde madzulo n'kulizimitsa m'mawa. Kuyatsa kumatheka, koma likazimitsidwa babulo limangoti phethi, phethi, osazimiratu. Iye ankaganiza kuti walakwitsa pulogalamu. Nditatsegula kabokosiko ndinapeza kuti pulogalamu inalibe mlandu. Vuto linali kachipangizo komwe anasankha kuti kazidula magetsi.

Arduino imagwira ntchito ndi mavoliti 5, pomwe magetsi a m'nyumba ndi mavoliti 230, choncho pamafunika mkhalapakati. Alipo awiri. Woyamba ndi rileyi, kabokosi kabuluu kaja kolembedwa SRD-05VDC-SL-C, komwe kamagulitsidwa katamatidwa kale pa kabodi. M'kati mwake muli koyilo yomwe imasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kuti kagunde kanzake, ndipo mumachita kumva kuti "tcha". Ikazima, zitsulozo zimatalikirana ndithu, pakati pamatsala mpweya basi. Wachiwiri ndi SSR, yomwe ilibe chilichonse choyenda m'kati. Imatsegula ndi kutseka njira ya magetsi ndi kachipangizo kotchedwa tirayaki, mwakachetechete.

Mnyamatayo anasankha SSR ya G3MB-202P chifukwa anamva kuti ndi yamakono ndipo siitha. Koma SSR siitseka njira kotheratu. Ngakhale itazima, pamadutsabe timagetsi tochepa, miliampu imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Babu lakale lija lokhala ndi kawaya kotentha m'kati silinkamva n'komwe timagetsi totere. Babu la LED ndi lina: lili ndi kapasita yomwe imatolera timagetsito pang'onopang'ono ngati madzi odontha mu ndowa. Ikadzaza, babu limaphethira, kapasita n'kuyambanso kudzaza. Mababu ena saphethira, amangowala mozimiririka usiku wonse.

Palinso china. SSR imeneyi inapangidwa kuti izinyamula kuyambira maampu 0.1 mpaka 2. Babu la mnyamatayo linali la mawati 9. Tikagawa 9 ndi 230 tipeza maampu pafupifupi 0.04, osafika ngakhale theka la malire apansiwo. Anthu ambiri amangoyang'ana ngati chipangizo chingapirire katundu wolemera, osadziwa kuti SSR imavutikanso katundu akapepuka kwambiri.

Tinachotsa SSR n'kuikapo rileyi, babu linazima zii. Kwa babu limodzi kapena awiri a LED oyatsidwa kangapo patsiku, ine ndimasankha rileyi mosakayika. Amene amadandaula kuti imatha msanga awerengere: opanga ake amaipatsa maulendo pafupifupi 100,000 itanyamula katundu wake wonse. Poyatsa kawiri patsiku, zaka 100 zikwana isanafikepo. Ingosamalani ndi "10A" wolembedwa pamwamba pake. Mababu a LED amakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi pa kamphindi koyatsa, ndiye mukaunjika khumi pa rileyi imodzi, tizitsulo tija tingawotcherane. Mudzadziwa chifukwa imalira "tcha" koma magetsi osazima.

Koyilo yake imadya mamiliampu pafupifupi 70, kuposa omwe phini ya Arduino ingapereke. N'chifukwa chake mugule ya pa kabodi, yomwe ili kale ndi tiranzisita ndi dayodi. Timabodi tambiri timayatsa phini ikakhala `LOW`, osati `HIGH`, choncho muyese babu lisanalumikizidwe.

SSR ili ndi malo ake. Ngati nyale iziyaka ndi kuzima kambirimbiri pa mphindi, kapena ili kuchipinda komwe kulira kwa rileyi kungadzutse mwana, ndiyo yoyenera, bola katundu afike pa malire aja. Dziwani kuti imatentha, pafupifupi wati imodzi pa ampu iliyonse, ndipo ikafa nthawi zambiri imafa ili choyatsa. Amene muli ndi mababu a sola a mavoliti 12, SSR ya tirayaki musaigule n'komwe. Imadikira kuti magetsi atsike kufika pa ziro kuti izime, ndipo magetsi a batire satero. Ikayaka, yayakiratu.

Polumikiza, dulani waya wamoto, wabulauni kapena wofiira m'nyumba zakale, osati wa nyutulo. Pa kabodi ka rileyi, wochokera ku magetsi apite polembedwa COM, wopita ku babu polembedwa NO, ndipo muikepo fyuzi yaing'ono patsogolo. Kunsi kwa kabodi kuli mtovu wosakutidwa wokhala ndi mavoliti 230 onse, ndiye kasakhale pamtunda, kalowe m'bokosi lotseka. Posintha babu lolumikizidwa ku SSR, zimitsani pa meni swichi, chifukwa waya wake amakhalabe ndi moto ngakhale babu likuoneka lozima. Ngati simunagwirepo mawaya a m'nyumba, mbali ya mavoliti 5 chitani nokha, koma ya 230 muitanire wamagetsi wodziwa ntchito yake.