Lisiti imodzi, anthu atatu: aliyense alipire zingati?

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, choncho anzanga akadya limodzi, chithunzi cha lisiti chimathera pa foni yanga. Loweruka lapitali anthu atatu amene anakadya ku Kabulonga mu Lusaka ananditumizira chawo pa WhatsApp. Iwo anali atagwirizana kale zogawa bilu patatu, koma mmodzi mtima sunakhazikike. Ndipo sanalakwe.

Lisitiyo inali motere. Woyamba anadya nsomba ya K180 ndi chakumwa cha K20. Wachiwiri anadya nyama ya ng'ombe ya K260, n'kumwa mabotolo atatu a mowa wa Mosi, onse pamodzi K90. Wachitatu anadya nkhuku ya K150 ndi madzi a K10. Pakati pa tebulo panali chipisi cha K90 chimene anadya onse, ndi mbale ya mapiko a nkhuku ya K120 imene wachitatuyo sanaikhudze.

Musanagawe chilichonse, wonkhetsani mizere yonse ya pachithunzicho muone ngati ikufika pa nambala imene makina analemba. Apa inakwana K920. Ikapanda kukwana, kawirikawiri vuto limakhala chithunzi. Mwina pepala linapindika n'kubisa mzere umodzi, mwina zilembo zinafufutika moti 8 akuoneka ngati 3. Cholakwa china chofala chili pa mowa: munthu amaona 3 kumanzere ndi 90 kumanja, n'kuchulukitsanso, pamene 90 imeneyo ndi ya mabotolo onse atatu kale.

Zodyera limodzi zimagawidwa kwa amene anadya okha. Chipisi ndi K30 aliyense. Mapiko ndi K60 kwa woyamba, K60 kwa wachiwiri. Sindilimbikitsa kuwerenga kuti uje anatola mapiko anayi pamene mnzake awiri, chifukwa ubwenzi ungathere pa fupa. Koma amene sanapisemo dzanja n'komwe asalipitsidwe. Tikatero, woyamba zake ndi K290, wachiwiri K440, wachitatu K190, ndipo zitatuzi zikubwezanso K920.

Kumunsi kwa lisiti ndi kumene anthu ambiri amasokonekera. Panali mzere wa `Service Charge` wa 10 peresenti, womwe ndi K92, kenako `TOTAL` ya K1,012. Panalinso mzere wa `VAT`. Msonkho umenewu kuno ku Zambia ndi 16 peresenti, ndipo mmodzi wa iwo anafuna kuuwonjezera pamwamba. Njira yodziwira ndi yosavuta: 920 kuphatikiza 92 ndi 1,012 ndendende, kutanthauza kuti msonkhowo unali kale m'kati mwa mitengo, mzerewo ukungosonyeza gawo la boma. Masamuwo akanaperewera, tikanadziwa kuti malowo amauika pamwamba. Onaninso kuti ngati lisiti ili ndi 10 peresenti yothokoza ogwira ntchito, tipu ina ndi kufuna kwanu. Anzangawa anasangalala ndi mlongo amene anawaperekera chakudya, ndiye anapereka K1,050, tipu n'kukhala K38.

Ndiye pali K130 yoposa mtengo wa chakudya. Igawidwe bwanji? Ambiri amaigawa mofanana, koma K92 ija inakula chifukwa cha zimene munthu aliyense anaitanitsa. Wa nyama ndi mowa ndiye anaikulitsa kwambiri, choncho asenze gawo lalikulu. Simufunika kuwerenga tipu payokha ndi `Service Charge` payokha. Pezani nambala imodzi pogawa ndalama zonse zimene zinatuluka m'thumba ndi mtengo wa chakudya, kenako muchulukitse nayo gawo la aliyense.

```
1050 ÷ 920 = 1.1413
290 × 1.1413 = 330.98
440 × 1.1413 = 502.17
190 × 1.1413 = 216.85
```

Pa kalikuleta ya pa foni musadule nambalayo msanga. Mukalemba 1.14 basi, ndalama zonse zikwana K1,048.80, ndipo amene analipira pa kauntala ataya K1.20. Ndi pang'ono, koma pa bilu ya anthu khumi zimaoneka. Siyani manambala anayi pambuyo pa kadontho, mangwe mudzawachotse kumapeto: K331, K502 ndi K217, zomwe zikukwana K1,050.

Akanagawa patatu, aliyense akanatulutsa K350. Wa nkhuku ndi madzi uja akanalipira K133 yoposa gawo lake, pamene wa mabotolo atatu akanapulumutsa K152. Kugawa mofanana kulibe vuto ngati mbale zanu zikusiyana ndi K10 kapena K20, ine ndemwe ndimatero. Pakakhala mowa mbali imodzi ndi madzi mbali ina, tulutsani kalikuleta.

Potumiza ndalama kwa amene analipira, kaya ndi pa Airtel Money kapena MoMo, onani ngati pali ndalama yodula, ndipo muiwonjezere inu wotumiza kuti mnzanu alandire K217 yathunthu.