Msonkho umapepukitsa ngongole yokha, osati mpamba wonse

Chaka chilichonse ndimalandira mapepala a bizinesi amene eniake akufuna kupita nawo ku banki, ndipo pafupifupi pa pepala lililonse ndimapezapo cholakwika chimodzimodzi. Munthu wawerengera mtengo wa mpamba wake, nambala yatuluka yaing'ono yokoma m'maso, iye wasangalala. Ukamufunsa kuti 30 peresenti ya msonkho waichotsa pati, amaloza pa nambala yomaliza. Pamenepo ndiye pali bodza lonse, ndipo ndatopa kulikonza ndalama zitapita kale.

Mtengo wa mpamba, umene m'mabuku a zachuma umalembedwa kuti `WACC`, ndi phindu lochepetsetsa limene kampani iyenera kupanga kuti ikhutiritse onse amene anaikamo ndalama, a banki ndi eni masheya omwe. Masamu ake ndi awa:

```
WACC = (E/V × Re) + (D/V × Rd × (1 − T))
```

`E` ndi ndalama za eni, `D` ndi ngongole, `V` ndi ziwirizi kuziphatikiza. `Re` ndi phindu limene eni akuyembekezera, `Rd` ndi chiwongoladzanja, `T` ndi msonkho wa pa phindu la kampani. Taonani pamene pali `(1 − T)`. Pali kumbali ya ngongole basi.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya bambo wina amene ali ndi kampani yoyenga mafuta ophikira. Anabwera mu 2024, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo Banki Yaikulu itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Kampani yawo, itati igulitsidwe tsiku limenelo, gawo la eni likanakwana K600 miliyoni. Ngongole ya ku banki inali K400 miliyoni pa 28 peresenti. Pamodzi K1 biliyoni, ndiye kuti pa K10 iliyonse, K6 ndi ya eni, K4 ndi ya banki.

Tiyambe ndi ya banki. 28 peresenti ya K400 miliyoni ndi K112 miliyoni pa chaka. Ndalama imeneyi imatuluka yonse, banki sichotserako ngakhale tambala. Koma powerengera msonkho, chiwongoladzanja chimachotsedwa kaye pa phindu, monga zimachitikira ndi malipiro a antchito kapena bilu ya magetsi. Choncho phindu limene a MRA akhometsepo msonkho latsika ndi K112 miliyoni, ndipo pa msonkho wa 30 peresenti kampani yapulumutsa K33.6 miliyoni imene ikanapita ku boma. Ngongole ija yaidyera kampani K78.4 miliyoni yokha, yomwe ndi 19.6 peresenti ya K400 miliyoni. Mpumulo wa msonkho ndi umenewu, palibenso wina.

Eni masheya alibe mwayi umenewo. Gawo lawo limagawidwa msonkho utalipidwa kale, kotero silitsitsa msonkho wa kampani ndi khobidi lomwe. Ndipo ndalama zawo si zaulere, ngakhale ambiri amalankhula ngati ndi zotola. Nthawi imeneyo boma lenilenilo linkabwereka kwa anthu pa chiwongoladzanja choposa 20 peresenti pa chaka. Nanga munthu angaike bwanji ndalama zake mu fakitale, momwe magetsi amathima, soya amakwera mtengo, ndipo zinthu zikavuta iye ndi womaliza kulandira, kuti apeze zochepera pamenepo? Ndi bambowa tinagwirizana pa 35 peresenti. Nambala imeneyi ndi yoyerekeza ndipo anthu awiri odziwa ntchito akhoza kusiyana nayo pang'ono, koma singakhale pansi pa chiwongoladzanja cha banki, chifukwa banki yagwira chikole pamene mwini sanagwire kanthu. 35 peresenti ya K600 miliyoni ndi K210 miliyoni.

Phatikizani K210 miliyoni ndi K78.4 miliyoni. Mupeza K288.4 miliyoni pa mpamba wa K1 biliyoni, kapena kuti 28.8 peresenti.

Pa pepala limene anabwera nalo panalembedwa 22.5 peresenti. Wowalembera anaphatikiza K210 miliyoni ndi K112 miliyoni yonse, kupeza 32.2 peresenti, kenako n'kuchotsa msonkho pa zonsezo. Anawapatsa eni mpumulo umene lamulo silinawapatse. Makina atsopano amene ankafuna kugula ankayembekezeka kubweza 25 peresenti pa chaka msonkho utachoka. Poyerekeza ndi 22.5, makinawo ankaoneka ngati chuma. Poyerekeza ndi 28.8, K100 iliyonse yolowa m'makinawo inkaperewera pafupifupi K4 chaka ndi chaka.

Chimene chimandipweteka kwambiri si chimenecho ayi. Nditatsegula mabuku awo ndinapeza kuti chaka chimenecho kampani inaluza, chifukwa kugwa kwa kwacha kunakweza mtengo wa zipangizo zimene amaitanitsa kunja. Kampani yoluza ilibe msonkho wa pa phindu woti ilipire, ndiye K33.6 miliyoni ija ipulumutsidwa kuchokera kuti? Palibe. N'zoona kuti lamulo limalola kunyamula kuluzako kuti ukakuchotse pa phindu la zaka zikubwerazo, koma zakazo n'zowerengeka, ndipo ndi mmene zinthu zikukwerera mitengo, kwacha ya mtondo si ya lero. Kwa iwo, kufikira phindu litabwerera, ngongole inali pa 28 peresenti yathunthu, ndipo mtengo wa mpamba unali pafupi ndi 32.2. Ndinawafotokozera zonsezi iwo ali chete, chipewa chili pa bondo. Kenako anatulutsa mu envelopu risiti ya dipoziti ya makina imene analipira masabata atatu m'mbuyomo. «Achimwene, mukanandiuza kale,» anatero. Ndikanawauza bwanji asanabwere?

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi anthu amene amalemba mapulani a bizinesi m'timaofesi ta m'tauni, usiku umodzi pepala latha. Amalipidwa kuti ngongole ituluke, osati kuti ibwezedwe, ndiye nambala yaing'ono ndi imene imawapindulira. Njira zawo n'zodziwika. Ena amatenga ndalama za eni monga zinalembedwera m'mabuku kalekale, malo ndi nyumba zili pa mtengo wa zaka khumi zapitazo. Mabuku a bambo aja akanati gawo la eni ndi K150 miliyoni m'malo mwa K600 miliyoni, ngongole ikanaoneka ngati ndiyo yambiri, ndipo nambala ikanatsikira pa 23.8 popanda chasintha pa fakitale. Ena amabwera ndi nzeru yoti popeza 19.6 ndi yotsika kuposa 35, ingobwerekani zambiri. Sakuuzani kuti ngongole ikamachuluka banki imakweza chiwongoladzanja, ndipo eni, poona kuti otsogola kulandira achuluka, nawonso amayembekezera zambiri. Ndipo ngati ngongoleyo yachokera kwa mwini kapena ku kampani ya pachibale, a msonkho ali ndi malire a chiwongoladzanja chimene angalole kuti chichotsedwe.

Wina akakupatsani nambala yake, musavutike ndi zilembo zija. Muuzeni aisandutse makwacha. Alembe ndalama imene banki itenge pa chaka, msonkho umene upulumuke, ndi imene eni ayenera kupeza. Msonkho wopulumukawo ukaposa 30 peresenti ya chiwongoladzanja, masamu alakwika penapake. Kenako mufunseni akuonetseni m'mafomu a msonkho a chaka chatha kuti kampani inalipira zingati. Chitani zimenezi musanasayine ku banki, musanatumize dipoziti. Bambo aja makina anawalandira ndipo akugwira ntchito bwinobwino, mafuta akutuluka. Koma chaka chino n'chachiwiri eni masheya, kuphatikizapo mlongo wawo amene anagulitsa munda kuti alowe nawo, asanagawireko kalikonse.