Muzu ndi tsamba siziphikidwa mofanana

Ndatopa kumva anthu akunena kuti mankhwala azitsamba akawira nthawi yaitali ndiye apsa bwino. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yopereka mankhwala kuchipatala, ndaona anthu akuthira mizu, makungwa ndi masamba mumphika umodzi ngati akuphika nyemba.

Muzu ndi khungwa n'zolimba, sizitulutsa mphamvu yake msanga. Tengani jinja, kapena khungwa la muwawani. Mutsuke, muduledule tizidutswa ting'onoting'ono kapena musinje pang'ono, ndipo muike m'madzi ozizira, osati owira kale. Supuni imodzi yaikulu ya zouma imakwana pa makapu atatu a madzi. Zikabwata, chepetsani makala, vundikirani, ziwire pang'onopang'ono mphindi 20 mpaka 30, kufikira atatsala makapu awiri. Kenako sefani. Mphika wadothi ndi wabwino kuposa wachitsulo, chifukwa makungwa ambiri amadetsa madzi akakhudzana ndi chitsulo.

Tsamba lofewa ngati mpungabwi silifuna nkhanza zotere. Mphamvu yake yambiri ili m'mafuta onunkhira aja, omwe amathawa ndi nthunzi. Khitchini yonse ikamanunkhira, dziwani kuti mankhwala anu apita mumphepo, mwatsala ndi madzi obiriwira. Phulani madzi akangowira, muwathire pa masamba okwana supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri m'kapu, vundikirani ndi sosala kwa mphindi 10. Timadontho ta pansi pa sosalayo mubwezere m'kapu. Ngati mukufuna kuphatikiza, wiritsani muzu kaye, masamba muike mutaphula.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo si kaphikidwe. Mayi wina anabwera ndi mwana wa zaka zinayi amene anatentha thupi masiku atatu. Munthu wina wogulitsa makungwa pamsika anawauza kuti awiritse mphika wodzaza mpaka patsale kapu imodzi. Madzi akamaphwera, mankhwala amakhala amphamvu kwambiri, ndipo palibe angakuuzeni mlingo wake, ngakhale wogulitsayo. Mwanayo ankasanza, mayi n'kumati matenda akutuluka. Pofika kwa ife anali atakomoka, mkodzo ukutuluka pang'ono, ndipo titamuyeza magazi tinapeza malungo. Anapulumuka, koma kuyeza kwa mphindi zochepa tsiku loyamba kukanatha nkhani yonse.

N'chifukwa chake ndimauma mtima ndi mabotolo aja oyalidwa padzuwa, olembedwa matenda khumi. Madzi a mizu kapena masamba sasungidwa kupitirira tsiku limodzi popanda firiji. Akayamba thovu kapena kununkha ngati thobwa losasa, tayani. Mayi woyembekezera, khanda, ndi aliyense amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a shuga asamwe makungwa asanafunse kuchipatala, ndipo mwana akatentha thupi, mphika udikire, akayezedwe tsiku lomwelo.