Funso limodzi, nkhope ziwiri: "Zikuyenda?" ndi "Kwagwanji?"

Chaka chatha ndinapatsidwa sewero lalifupi la pa kanema kuti ndiunike Chichewa chake asanajambule. Linalembedwa m'Chingerezi, ndipo mnzanga wina anali atalimasulira kale. Pa kompyuta panga panali mizere iwiri yofanana ngati mapasa. Woyamba unali "What's up?", mnyamata akulankhula ndi mnzake pa siteji ya minibasi. Wachiwiri unali "What's wrong?", namwino akulankhula ndi mayi wachikulire amene wangolowa m'chipinda. Kusiyana kwake ndi liwu limodzi lomaliza, koma mizere iwiriyi inatidyera masana onse.

Mzere wa mnyamata uja mnzanga anaumasulira kuti "Kwagwanji?" Pamwamba zikuoneka zolondola, chifukwa onse akufunsa zimene zikuchitika. Koma taganizani nthawi imene timanena mawu amenewa. Timati "kwagwanji" tikaona anthu aunjikana pakhomo la munthu m'mawa, kapena foni ikalira pakati pa usiku. Ndi funso la mtima uli m'mwamba, lodikira uthenga wa maliro kapena ngozi. Mnyamata wa m'seweroli sanaone choopsa chilichonse. Akungopereka moni, ndipo sakudikira nkhani. Pamenepo anyamata athu amati "Zikuyenda?" kapena "Zili bwanji, aise?", wina n'kuyankha kuti "Zikuyenda, kaya iwe", basi yatha. Ndipotu dzina la WhatsApp, pulogalamu imene inayamba mu 2009, linachokera ku moni womwewu.

Chimene chinandiuza kuti zalakwika ndi yankho. Mnzake uja ankayankha kuti palibe kwenikweni chachilendo, n'kuyamba kukamba za mpira. Munthu amene wafunsidwa kuti "kwagwanji" salumphira ku mpira. Ine ndikamamasulira funso, ndimayamba ndawerenga yankho lake, kenako ndibwerere. Ngati funso la Chichewa ndi yankho lake sizikugwirana ngati mphika ndi chivundikiro, ndiye kuti funsolo ndaliphonya.

Mzere wa namwino ndi umene unandipweteka mtima kwambiri. Mnzanga anatsegula dikishonale ya m'mutu, napeza kuti liwu lomaliza lija ndi "kulakwa", nalemba kuti "Chalakwika n'chiyani?" Mayi wa zaka 70, amene wayenda mtunda wautali mutu ukuwaza, akamva zimenezi amaganiza kuti wabwera tsiku lolakwika, kapena waiwala buku la kuchipatala. Ena amayamba kupepesa. Kulakwa pa Chichewa kumafuna mwini wake, pali wina amene wachimwa. Pomwe namwino wa m'Chingerezi uja sakufufuza mlandu, akufunsa za ululu. Tinalemba kuti "Amayi, chikukuvutani n'chiyani?", ndipo tisanafike pamenepo tinaikapo "Takulandirani, khalani apa", ngakhale kuti m'Chingerezi munalibe. Namwino wa kwathu amene wangoyamba ndi funso kwa munthu wamkulu, osamulonjera, amaoneka wamwano, ndipo wolemba seweroli sankafuna namwino wamwano.

Vuto lina ndi loti "What's up?" simoni nthawi zonse. Ku Britain munthu akakuona nkhope yagwa, amafunsa mawu omwewa, koma tanthauzo lake n'kukhala "Chavuta n'chiyani?" Zilembo n'zomwezo. Chasintha ndi zimene wofunsayo waona. Choncho pa mzere uliwonse wotere ndimadzifunsa kuti wofunsayu waona misozi, kapena wangoona mnzake akubwera? Ngati script, pepala la seweroli, silikunena, ndimaimbira mwini wake foni. Kungoganizira pamenepa n'kuika mawu m'kamwa mwa munthu.

Tisaganize kuti Chingerezi chokha ndicho chili ndi misampha imeneyi. Chichewa nachonso chimatero, mwinanso kuposa. "Ukutani?" ndi funso wamba, mwana akhoza kuyankha kuti akusenda mbatata. Chotsani "ku", musinthe nthawi, likhale "Watani?" Tsopano mukunena kuti china chake chachitika kale, ndipo sichabwino. Komanso "Watani?" ali ndi mbali ziwiri: kwa mwana amene akulira ndi chisoni, kwa mwana amene waima pafupi ndi mbale yosweka ndi mlandu. Womasulira kupita ku Chingerezi ayenera kusankha imodzi, chifukwa kumeneko ndi ziganizo ziwiri zosiyana. "Bwanji?" nayenso amatero. Mnzako akakuuza akumwetulira panjira, ndi moni. Mayi ako akakuuza utafika pakhomo usiku wopanda katundu, akufuna chifukwa.

Tsiku lojambula, mayi amene ankasewera wodwala anamva "Amayi, chikukuvutani n'chiyani?", nagwira pachipumi asanayambe n'komwe kulankhula mzere wake. Palibe anamuuza kuti atero.