Kope la zolakwa: mmene wophunzira masamu angasakire cholakwa chimene chimam'bwerera

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa masamu muno mu Chipata, ndachonga mapepala ambiri a ana a giredi 12 ndiponso a akuluakulu amene amabwerera kudzalemba mayeso a GCE a bungwe loyendetsa mayeso mu Zambia la ECZ. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona munthu amene samu akuidziwa, koma akutaya malikisi pa malo amodzimodzi mu Febuluwale, mu Meyi, mpaka tsiku la mayeso. Iye mwini amati, "Masamu ndi ovuta," kapena, "Mutu wanga sugwira," pamene ukayang'anitsitsa umapeza kuti akumugwetsa ndi maenje awiri kapena atatu okha amene sanawaikepo chizindikiro.

Ndiyenera kuvomera kuti nanenso ndinathandiza kukulitsa vutoli. Kwa nthawi yaitali ndinkalemba mayankho olondola pa bolodi, ana nkukopera m'makope mwawo, ine nkusaina, tonse nkuganiza kuti zakonzeka. Komatu wokopera yankho amangoona mmene samu yolondola imaonekera, ndipo saona pamene phazi lake linaterereka. Pa chifukwa chimenechi masiku ano ndimapempha wophunzira aliyense kukhala ndi kope lina lapadera, laling'ono lotchipa, lolembamo zolakwa zake zokha.

Tsamba lililonse timaligawa m'mizere inayi yotsika. Mu woyamba mumalowa tsiku ndi kumene samuyo yachokera, kaya ndi ntchito ya kunyumba kapena pepala la mayeso a chaka china. Mu wachiwiri wophunzira amakopera mzere umodzi wokha, uja umene zinthu zinayambira kupotoka, ndendende monga anaulembera, ndipo mu wachitatu amalemba mzere womwewo molondola. Wachinayi ndiye mtima wa kope lonse, pakuti mmenemo amalemba m'mawu ake chimene dzanja lake linachita. Apa ndimakana mawu akuti "kusasamala" kapena "ndinafulumira", chifukwa munthu sangakhale pansi Lolemba madzulo nkumayeserera "kusamala". Mawu oyenera ndi otchula chochitika chooneka, monga akuti, "Ndinachulukitsa nambala yoyamba ya m'bulaketi ndi mayinasi, koma yachiwiri ndinaisiya ndi chizindikiro chake."

Chitsanzo chimenechi ndachitenga kwa mayi wina amene amagulitsa mu msika wa Kapata ndipo ankakonzekera kulembanso masamu. Mayiyu amawerengera chenji cha makasitomala atatu nthawi imodzi osalakwitsa, koma pa pepala ankagwa mobwerezabwereza. Atapatsidwa 5 − 2(x − 3) analemba 5 − 2x − 6, pamene cholondola ndi 5 − 2x + 6, chimene chimatipatsa 11 − 2x. Nditamufunsa kuti −2 kuchulukitsa ndi −3 ndi zingati, anayankha nthawi yomweyo kuti ndi 6, nkunena modandaula kuti, "Aphunzitsi, izitu ndimazidziwa." Ankanena zoona, ndipo yankho lakelo linationetsa mtundu wa cholakwacho.

Kusiyanitsa kumeneku nkofunika, chifukwa si cholakwa chilichonse chimene chimachira ndi kuyeserera. Ngati munthu sadziwa lamulo, mankhwala ake ndi kuphunzitsidwa, ndipo kumupatsa masamu makumi awiri a chinthu chimene sanachimve kuli ngati kumutuma kukalima munda umene sakudziwa malire ake. Cholakwa chotero timachiika chizindikiro cha funso, ndipo wophunzira amapita nacho kwa mphunzitsi kapena kwa mnzake wochidziwa. Kuyeserera kwa mlungu ndi mlungu nkwa zolakwa za chizolowezi, zija zimene mutu umadziwa koma dzanja limachita zake. Njira yozisiyanitsira njosavuta: muonetseni mzere wolakwika osanena kanthu. Akapeza yekha pamene palakwika pasanathe mphindi imodzi, ndiye kuti ndi chizolowezi, koma akayang'ana nkunena kuti zonse zili bwino, pali chimene sanamvetse.

Mayiyu analemba m'kope mwake kwa milungu inayi osachita china chilichonse, ndipo ndimalangiza aliyense kudikira chotero, popeza zolakwa za mlungu umodzi nzochepa moti sizingaonetse chimene chikubwerera. Loweruka la mlungu wachinayi tinakhala pansi nkuwerenga mzere wachinayi wokha, tikumaika pamodzi zofanana. Zonse zinali 23. Zisanu ndi zinayi zinali za mayinasi ya kutsogolo kwa bulaketi, zisanu za peresenti, zinayi za kusakaniza masentimita ndi mamita, ndipo zisanu zotsala zinali zongochitika kamodzikamodzi. Motero zolakwa 14 mwa 23 zinkatuluka m'zitsime ziwiri zokha. Iye anakhala chete kanthawi akuyang'ana manambalawo, kenaka anafunsa ngati nzoona kuti zimene zakhala zikumuvutitsa zaka zonsezi nzomwezi basi.

Cha peresenti chija chinali chochititsa chidwi. Funso likati munthu wagula thumba la nshawa pa K400 nkuligulitsa pa K500, iye ankapeza phindu la K100 mosavuta, koma ankaligawa ndi 500 nkupeza 20 peresenti, pamene funso la phindu limafuna kugawa ndi mtengo wogulira, 400, zimene zimapereka 25 peresenti. Poyamba analemba kuti "ndinaiwala fomula", koma titafufuza tinapeza kuti ankatenga nambala imene yatchulidwa pomaliza m'funso. Tinasintha mawu a m'kope kukhala akuti, "Ndimagawa ndi nambala yomaliza kuwerenga m'malo mwa mtengo woyambira." Kusintha kumeneku kunasinthanso mafunso oyeserera, pakuti tsopano anafunika mafunso amene mtengo wogulira uli poyamba mu ena ndi pomaliza mu ena.

Kuyeserera kwenikweniko kumayenda motere. Loweruka lililonse wophunzira amapatula theka la ola, amawerenga zimene walemba mlunguwo, nasankha cholakwa chimodzi, kapena ziwiri zikachuluka. Ambiri amafuna kugwira zonse nthawi imodzi, ndipo mlungu wachitatu usanathe kope limakhala litatayidwa pansi pa bedi. Pa cholakwa chimene wasankha amadzilembera masamu khumi afupiafupi a manambala atsopano, nalemba mayankho ake kumapeto kwa kope. Mwa khumiwo, asanu ndi limodzi amakhala ndi msampha womwe uja, koma anayi amakhala opanda msampha, monga 5 + 2(x − 3), ndipo onse amasakanizidwa. Chifukwa chake nchakuti masamu onse khumi akakhala a mayinasi, dzanja limangophunzira kutembenuza chizindikiro paliponse popanda kuyang'ana, ndipo mwachotsa cholakwa chimodzi nkubzala china. Chimene tikufuna kukulitsa ndi diso loona msanga kuti pano pali mayinasi ndipo apa palibe.

Masamuwo samawerengera tsiku lomwelo. Amawagawa pa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi khumi tsiku lililonse, kope la zolakwa litatsekedwa. Mipata imeneyi ili ndi maziko ake. M'chaka cha 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika msanga m'maola ndi masiku oyambirira, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana kumagwira bwino kuposa kubwereza kwa nthawi imodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku America anapeza kuti ophunzira amene anadziyesa pokumbukira okha zimene anawerenga anakumbukira zambiri patatha mlungu kuposa amene anangowerenga mobwereza. Nchifukwa chake kuwerenga kope la zolakwa usiku uliwonse sikuthandiza kwenikweni. Kumapatsa munthu mtima wakuti zinthu akuzidziwa, pamene dzanja lake silinayesedwe.

Pali ngozi imodzi imene ndimaiopa kwambiri. Wophunzira akadzilembera mayankho yekha, angathe kulakwitsa yankholo ndi cholakwa chomwe akufuna kuchotsa, nkumadzichonga kuti wakhoza mlungu wonse. Pa masamu a zilembo chitetezo chilipo: ikani nambala m'malo mwa x mbali zonse ziwiri. Tikaika 1 mu 5 − 2(x − 3) timapeza 9, ndipo 11 − 2x imaperekanso 9, pamene yankho lolakwika lija limapereka −3. Pamene njira yotere palibe, mayankho ayenera kuonedwa ndi mphunzitsi Lolemba lisanafike. Ndionjezenso kuti woyeserera zokonzekera pepala loyamba la masamu a giredi 12 aike kalikyuleta pambali, popeza pa pepala limenelo siloledwa.

Funso limene amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti cholakwa chimachoka liti m'kope. Kukhoza khumi pa khumi poyeserera si umboni wokwanira, chifukwa pamenepo munthu amakhala akudikira msamphawo. Umboni weniweni ndi ntchito wamba, imene maganizo ake ali pa zina. Ine ndimati cholakwa chikapanda kuoneka m'ntchito yotero kwa milungu itatu yotsatizana, chilembedwe mzere, koma masamu ake awiri abwererenso pakatha mwezi. Chikapitirira kuoneka patatha milungu itatu ya kuyeserera, musaonjezere masamu, koma bwererani ku mzere wachinayi, pakuti nthawi zambiri chifukwa chimene munalemba sindicho chenicheni.

Kwa mayi wa ku Kapata uja, cholakwa cha bulaketi chinazimirira m'milungu itatu, tinachilemba mzere, kenaka chinatulukira pamalo pamene sitinkachiyembekezera. Pochotsera (x − 3)/4 kuchokera ku (x + 1)/2 anapeza (x − 1)/4, pamene yankho ndi (x + 5)/4. Iye anachilemba ngati cholakwa chatsopano cha mafulakishoni, koma titayang'ana mzere wake tinaona kuti analemba 2x + 2 − x − 3. Inali mayinasi yomwe ija, kungoti m'funsoli bulaketi siinalembedwe, ndipo mzere wa fulakishoni ndiwo unkagwira ntchito yake. Tinafafaniza dzina latsopanolo, nkubwezera cholakwacho pa tsamba lakale ndi mawu oonjezera akuti, "Ndisanachotsere fulakishoni, ndiike bulaketi pa zonse za pamwamba." Mlungu umenewo masamu ake khumi anali a mafulakishoni okhaokha, asanu ndi limodzi ochotsera ndi anayi ophatikiza, ndipo Lachisanu anabwera nawo atayesa lililonse poika 3 m'malo mwa x.