Kafukufuku wotsala mu kabati: chenjezo kwa olemba ndi owerenga za mankhwala

Mukamva kuti "kafukufuku wambiri wasonyeza kuti mankhwala awa amathandiza", funsani kuti: nanga amene sanasonyeze zimenezo ali kuti? Zotsatira zosangalatsa zimasindikizidwa msanga m'magazini a zachipatala, pamene zokhumudwitsa nthawi zambiri zimatsala mu kabati.

Zinaonekera poyera mu 2008

Ku America, kampani isanagulitse mankhwala atsopano imayenera kupereka zotsatira za kafukufuku wake ku bungwe la boma la FDA. Dokotala Erick Turner ndi anzake anatenga mafayilo a bungweli okhudza mitundu 12 ya mankhwala a matenda ovutika maganizo, n'kuwayerekeza ndi zimene zinatuluka m'magazini.

Kafukufuku yense analipo 74. Malinga ndi FDA, 38 anasonyeza kuti mankhwala athandiza, ndipo 37 mwa amenewa anasindikizidwa. Otsalawo, 36, sanasonyeze phindu kapena anali okayikitsa. Pa amenewa, 22 sanatuluke n'komwe, atatu okha anatuluka monga analili, ndipo 11 analembedwa mokometsera ngati zinayenda bwino. Choncho dokotala wowerenga magazini okha ankaona ngati 94 peresenti ya kafukufuku ikuyamikira mankhwalawo, chonsecho inali 51 peresenti.

Oopsa kwambiri ndi 11 aja, chifukwa amaoneka athunthu. Wofufuza amalonjeza poyamba kuti adzayeza chinthu chakutichakuti pamapeto. Chikapanda kusintha, amachikankhira kumbuyo n'kuika patsogolo china chimene chayenda bwinoko. Manambala ake si abodza, wangosankha oonetsa.

Mukamalemba lipoti lophatikiza kafukufuku wambiri

Kungolemba kuti "mwina pali kukondera" sikuthandiza aliyense. Nenani kumene munafufuza. Kafukufuku woyesa mankhwala amayenera kulembetsedwa asanayambe, m'makaundula monga ClinicalTrials.gov kapena PACTR, wa kuno ku Africa. Onani kuti olembetsedwa ndi angati, otuluka ndi angati, ndiponso ngati chimene analonjeza kuyeza ndi chomwecho chimene anafotokoza.

Samalaninso mukaona kuti kafukufuku wa anthu ochepa yense akuonetsa phindu lalikulu pamene wa anthu ambiri akuonetsa laling'ono. Mwina ang'onoang'ono olephera anabisidwa, ngakhale kuti si umboni wokwanira: kusiyanako kungabwerenso chifukwa odwala ake anali osiyana.

Kenako uzani owerenga mbali imene cholakwikacho chapendekera. Kawirikawiri phindu limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Pa mankhwala aja, linakokomezedwa ndi pafupifupi 32 peresenti.

Ngati mukumwa mankhwalawa

Turner ndi anzake ataphatikiza zotsatira zonse, zobisika zomwe, mankhwala onse 12 anaposabe mapiritsi oyerekezera opanda mankhwala, kungoti mocheperapo. Musasiye kumwa panokha. Kusiya mwadzidzidzi kungayambitse chizungulire ndi kusowa tulo, komanso matenda angayambirenso. Ngati mukukayika, kambiranani ndi adokotala kapena anamwino kuchipatala chimene mumalandirirako mankhwala.